Nozo ya bulasi imatha mwakachetechete

Pulinta ya 3D imagwira ntchito mosavuta kumvetsa. Imakoka pulasitiki yooneka ngati waya, imene amaitcha filamenti, n'kuisungunula, kenako n'kuitulutsa pakabowo kakang'ono n'kumaiyala mzere pamwamba pa mzere mpaka chinthu chitaumbika. Kachitsulo kamene kali ndi bowolo ndi nozo. Nozo imakula ngati kanati, ndipo pa mapulinta ambiri ogulidwa m'sitolo imakhala ya bulasi, chitsulo chachikasu chija chopangidwa posakaniza kopa ndi zinki. Filamenti imene ambiri amagwiritsa ntchito ndi ya mamilimita 1.75 m'mimba mwake, pomwe bowo la nozo ndi la mamilimita 0.4.

Opanga mapulinta sanasankhe bulasi mwangozi. Ndi yotsika mtengo, siivuta kuboola, ndipo imadutsitsa kutentha bwino kwambiri. Munthu wosindikiza ndi pulasitiki wamba monga PLA kapena PETG akhoza kutha miyezi yambiri ndi nozo imodzi osaiganizirako n'komwe, chifukwa pulasitiki yosungunuka ndi yofewa ndipo ilibe choti n'kukanda nacho chitsulo.

Zinthu zimasintha tsiku limene munthuyo wagula filamenti yolembedwa CF kapena GF pamapeto pa dzina lake, monga PETG-CF kapena PA-GF. Zilembo ziwirizo zikutanthauza kuti m'kati mwa pulasitikimo athiramo tizidutswa ta ulusi wa kaboni kapena wa galasi. Anthu amaikonda pazifukwa zomveka. Chinthu chosindikizidwa nayo sichipindika wamba, sichikhota kwambiri pozizira, ndipo chimatuluka chosanyezimira, mizere yake yosaoneka kwenikweni. Opanga zogwirira zipangizo m'magalaja, mikono ya madroni ndi mabulaketi a makina ndiwo amaifuna kwambiri. Chimene wogulitsa nthawi zina amaiwala kunena n'chakuti filamentiyo imadya nozo ya bulasi.

Ulusi wa kaboni ndi woonda kwambiri, pafupifupi mamayikiloni 7, ndiye kuti kuonda kangapo kuposa tsitsi la munthu. Wa galasi ndi wonenepako pang'ono. Asanauthire m'pulasitiki amaudula tizidutswa tosakwana theka la milimita, ndipo m'mafilamenti ambiri ulusiwo umakhala pakati pa magawo 10 ndi 20 pa 100 alionse a kulemera kwake. Nkhani yonse yagona pa mfundo imodzi: ulusiwu susungunuka. Pa madigiri 250 pulasitiki imakhala itasanduka madzi, koma tizidutswa ta kaboni ndi galasi timakhala tili touma gwa, ndipo n'tolimba kuposa bulasi. Pa muyeso wa Mohs, umene umasonyeza chinthu chimene chingakande chinzake, bulasi ili cha pa 3 pomwe galasi lili cha pa 5.5 kapena kuposerapo. Cholimba chikamakhuzana ndi chofewa, chofewacho ndicho chimatha.

Kampani ya ku Britain yopanga manozo, E3D, inayesapo zimenezi. Inasindikiza magalamu 250 okha a filamenti ya kaboni yotchedwa XT-CF20, yopangidwa ndi kampani ya ColorFabb ya ku Netherlands, pa nozo ya bulasi, ndipo nozoyo inatuluka itaperepeseka moonekeratu. Magalamu 250 ndi kota chabe ya rolo ya kilogalamu imodzi.

Chiwerengerochi chimadabwitsa mpaka munthu atawerengera mtunda wake. Rolo ya kilogalamu imodzi ya PETG imakhala ndi filamenti yotalika pafupifupi mamita 330, choncho kota yake ndi mamita 80 ndi pang'ono. Koma filamentiyo ikasungunuka n'kuyalidwa ngati mzere wa mamilimita 0.45 m'lifupi ndi 0.2 kukhuthala kwake, imatalika kwambiri. Mamita 80 aja amasanduka mzere woposa makilomita awiri. Mtunda wonsewo nsonga ya nozo imakhala ikukwekwereza pamwamba pa pulasitiki yodzaza ndi tiulusi tolimba.

Apa ndi pamene ambiri amaphonya. Tikamva zoti nozo yatha, timaganiza kuti bowo lakula chifukwa ulusi ukulipala m'kati podutsa. Zimenezo zimachitika ndithu, koma si ndizo zimayamba. M'kati mwa bowo tiulusi timayenda titafola motsata njira ya pulasitiki, titakutidwa ndi pulasitiki yosungunuka. Kunja n'kwina. Nsonga ya nozo ndi yosalala ngati kambale kakang'ono kozungulira bowo, ndipo ntchito yake ndi kusita mzere umene wangotuluka kumene. Posita, imagunda m'mphepete mwa mzere woyandikana nawo umene unauma kale, imadutsa pamwamba pa timizere todzazira m'kati, imakhula ngodya zimene zatukuka pang'ono. Paliponse pamenepo pali nsonga za ulusi zotulukira kunja. Zili ngati mpeni umene ukunoledwa pamwala tsiku lonse: suthyoka, umangochepa. Stefan Hermann wa ku Germany, wodziwika ndi mayeso ake a CNC Kitchen, atayang'anitsitsa manozo amene anadutsamo filamenti ya kaboni, anapeza kuti kuwonongeka kwakukulu kunali kufupika kwa nsonga.

Kufupikako kuli ndi zotsatira zake chifukwa cha mmene nozo inapangidwira m'kati. Njira yodutsa filamenti imayamba yotakata, pafupifupi mamilimita 2, kenako n'kumachepa pang'onopang'ono mpaka kufika pa kabowo koongoka ka mamilimita 0.4. Kabowo koongokako n'kakafupi, sikakwana milimita imodzi. Nsonga ikamadyeka, poyamba bowo limakhalabe la 0.4 ngakhale nozo ikufupika. Koma kabowo koongoka kaja kakatha, kudyekako kumafika pa mbali yotakata, ndipo bowo limakula mofulumira. N'chifukwa chake munthu amatha kunena kuti pulinta yake inali bwinobwino sabata yatha koma lero yasokonekera. Nozo inali ikutha nthawi yonseyo.

Titenge chitsanzo. Munthu ali ndi pulinta yaing'ono ya mtundu wa Ender 3 imene anaiika kachipangizo koyeza bedi, ndipo wapatsidwa ntchito yopanga mabulaketi 20 a magalamu 40 iliyonse ndi PETG-CF. Yonse pamodzi ndi magalamu 800. Nozo ndi ya bulasi ija inabwera ndi pulinta.

Mabulaketi oyambirira atuluka okongola. Pofika pa lachisanu ndi chimodzi kapena lachisanu ndi chiwiri, mzere woyamba wayamba kusamatirira pabedi. M'malo mokhala wophwatalala, ukutuluka wozungulira, ndipo pakati pa mizere pakuoneka mipata. Munthuyo atsuka bedi, apakapo guluu, koma sizikusintha. Kenako atsitsa `Z offset` pang'ono ndipo zinthu zikhala bwino. Mawa lake vuto lomwe lija labweranso, atsitsanso. Chizindikiro chodalirika kuposa zonse ndi chimenechi. Kachipangizo koyeza bedi kamayeza mtunda kuchokera pamene kali, ndipo pulinta imakhulupirira kuti nsonga ya nozo ikadali pamene inali dzana. Mzere woyamba ndi wa mamilimita 0.2 okha, choncho nozo ikafupika ndi 0.1, theka la mzerewo lasokonekera kale. `Z offset` imene ikufuna kutsitsidwa tsiku ndi tsiku, nthawi zonse kulowera mbali imodzi, ikunena kuti nozo ikufupika.

Pofika chapakati pa ntchitoyo zizindikiro zina zayamba. Pakati pa mbali ziwiri za bulaketi pakutsala tizingwe tambiri. Ngodya zimene zinali zakuthwa zayamba kuzungulira. Nambala yaing'ono imene anailemba pambali pa bulaketi sikuwerengeka bwino, ndipo mabowo a mabawuti sakutulukanso ofanana ndi a mabulaketi oyamba aja. Zikatere ndiye kuti bowo lakula. Dziwani kuti pulinta sikutulutsa pulasitiki yochuluka kuposa kale, popeza magiya okankha filamenti akukankha muyeso womwe uja. Chasintha ndi khomo lotulukira. Bowo la 0.4 likafika pa 0.5, malo odutsa pulasitiki amakhala atakula kuposa theka, ndipo likafika pa 0.6 amakhala atawirikiza kawiri n'kupitirira. Pulogalamu yokonza chosindikiza ikuwerengerabe mzere wa 0.45, koma bowo lotuluka mzerewo ndi lalikulu kuposa mzere womwewo. Pulasitiki siikupanikizikanso mokwanira kuti iyalike bwino, ndipo nozo ikamasamuka kupita malo ena imangodontha.

Mapulinta ena atsopano, monga Prusa MK4, amayeza bedi pogunditsa nsonga ya nozo yeniyeniyo. Amenewa amadzikonza okha nozo ikafupika, choncho mzere woyamba umakhala wabwino mpaka kalekale. Ubwinowo uli ndi msampha wake, chifukwa chenjezo loyamba lija silioneka. Mwini pulinta amadzazindikira bowo litakula kale.

Kutsimikiza sikufuna zida zodula. Chotsani nozo, muiimike patebulo pambali pa ina yatsopano ya mtundu womwewo. Yothayo imaoneka yaifupi, nsonga yake yotakata kapena yozungulira m'malo mokhala yosongoka. Jambulani zonse ziwiri ndi foni chapafupi n'kukulitsa chithunzicho. Ngati muli ndi kasingano kotsegulira nozo ka 0.4, kalowetseni: pa nozo yabwino kamalowa mothina, pa yotha kamagwedera.

Mankhwala ake ndi nozo ya chitsulo cholimbitsidwa. Chimenechi ndi chitsulo cha mtundu wopangira zida zodulira zitsulo zina, chimene chimatenthedwa kwambiri n'kuziziritsidwa msanga kuti chiume. Pa muyeso wa Mohs uja chimafika cha pa 7, choncho ulusi wa galasi suchipweteka wamba, ndipo ngakhale kaboni imachidya pang'onopang'ono kwambiri. Pamene ya bulasi imatha ndi magalamu mazana ochepa, ya chitsulo imatha kudutsitsa makilogalamu ambiri. Mtengo wake umaposa wa bulasi kangapo, komabe nthawi zambiri umachepa poyerekeza ndi rolo imodzi ya filamenti ya kaboni. Ine ndimaona kuti nozo ya chitsulo iyenera kulowa m'oda imodzimodzi ndi rolo yoyamba ya CF kapena GF. Kwa ife kuno, kumene zipangizo zotere zambiri timaitanitsa kunja n'kudikira masabata, kudzazindikira ntchito ili pakati n'kuimitsa ntchito yonse.

Pogula pamafunika maso. Nozo ya stenilesi si nozo ya chitsulo cholimbitsidwa, ngakhale zonse ndi zotuwa. Stenilesi imalimba kuposa bulasi koma osati mokwanira, ndipo ndiyo imadutsitsa kutentha movutikira kuposa zonse. Palinso manozo a bulasi okutidwa ndi nikelo kunja, amene amanyezimira ngati chitsulo. Chokutiracho n'chopyapyala, chikangodyeka bulasi yake ili poyera. Maginito amathandiza: amakoka mwamphamvu chitsulo cholimbitsidwa, sakoka bulasi, ndipo stenilesi ya manozo ambiri amaikoka pang'ono kapena osaikoka n'komwe. Koma maginito sanena ngati chitsulocho anachilimbitsadi. Pamenepo tupa ndiye mboni. Khulani pang'ono pambali pamene pamagwira sipanala: pa chitsulo cholimbitsidwa tupa imaterereka, pa chofewa imaluma. Onaninso mtundu wa nozo yanu. Manozo a MK8 ndi a V6 onse ali ndi mazinga a M6 ndipo amalowa m'bowo limodzi, koma kutalika kwa mazingawo n'kosiyana, ndiye kusinthanitsa kumabweretsa kudontha.

Tsopano tibwerere kwa wa mabulaketi uja. Wagula nozo ya chitsulo, waimanga, wasindikiza ndi manambala omwe aja. Bulaketi yatuluka yooneka bwino, koma ataipinda ndi manja yang'ambika motsata mizere. Nthawi zina magiya okankha filamenti akumveka kugogoda. Apa ambiri amaitaya nozoyo n'kunena kuti chitsulo n'chachabechabe. Vuto silili pa nozo, lili pa kutentha.

Akatswiri ali ndi muyeso wa mmene chitsulo chimadutsitsira kutentha. Pa muyesowo kopa imakhala cha pa 400, bulasi cha pa 110, chitsulo cha zida cha pa 25, stenilesi cha pa 15. Ndiye kuti bulasi imadutsitsa kutentha pafupifupi kanayi kuposa chitsulo cholimbitsidwa. Tsono kachipangizo koyeza kutentha sikakhala m'nozo, kamakhala m'kabuloko kotenthetsa kamene nozo imamangidwamo. Pulinta ikalemba 240, ikunena za kabulokoko. Pa bulasi, nsonga imakhala pafupi ndi nambala imeneyo. Pa chitsulo, filamenti yozizira ikulowa n'kumalanda kutentha, fani yoziziritsa ikuuzira pansonga, ndipo kutentha kochokera m'kabuloko kukuchedwa kufika. Pulasitiki imatuluka yozizirirapo kusiyana ndi mmene sikirini ikunenera, n'chifukwa chake mizere siigwirana.

Kukonza kwake n'kukweza kutentha ndi madigiri 5 mpaka 15. Munthu wathu uja, amene amasindikiza pa 240, ayambire pa 250. Njira yabwino ndi kusindikiza kansanja koyesera kamene kutentha kwake kumasintha ndi madigiri 5 pa chigawo chilichonse, kenako n'kukathyola ndi pulayazi kuti aone pamene mizere yagwirana kwambiri. Kukongola kwa kunja kusamunyenge, chifukwa filamenti ya kaboni imabisa zolakwika. Achepetsenso fani, popeza PETG siifuna mphepo yambiri. Koma pa pulinta ngati yakeyo pali malire oyenera kuwadziwa. M'mapulinta ambiri otsika mtengo, kapaipi koyera ka PTFE kamatsika mpaka kugunda nozo, ndipo kamayamba kuwonongeka kutentha kukamayandikira madigiri 250, kukapitirira n'kumatulutsa utsi woipa. Wofuna kusindikiza nayiloni ya kaboni, imene imafuna 260 kapena kuposa, ayenera kusintha khosi la pulintayo kuti likhale lachitsulo lokhalokha.

Ngati kutentha sikungakwere, liwiro litsike. Kuchuluka kwa pulasitiki imene nozo ikuyenera kusungunula pa sekondi kumapezeka pochulukitsa zinthu zitatu: kukhuthala kwa mzere, m'lifupi mwake ndi liwiro. Mzere wa 0.2 ndi 0.45 pa liwiro la mamilimita 100 pa sekondi umapereka 9. Liwiro likatsika kufika pa 60, nambalayo imakhala 5.4, ndipo filamenti imapeza nthawi yokwanira yoti isungunuke yonse isanatuluke. Kugogoda kwa magiya kukasiya potsitsa liwiro, mwadziwa kuti vuto linali kutentha osati kutsekeka.

Kutsekekako nakonso kulipo, ndipo sikusankha bulasi kapena chitsulo. Tiulusi tikafika pakhomo la 0.4 tambiri nthawi imodzi, timapingasana n'kutseka njira. N'chifukwa chake opanga mafilamenti ambiri otere amalangiza nozo ya 0.6. Kusintha kumeneku kuyenera kulembedwanso m'pulogalamu, pamalo olembedwa `Nozzle diameter`, apo ayi pulinta izichita zomwe zija inkachita ndi nozo yotha. Ndi nozo ya 0.6, mzere wa 0.3 ndi 0.65 pa liwiro la 60 umapereka 11.7, zomwe n'zambiri kwa nozo ya chitsulo pa pulinta yaing'ono, choncho ndi bwino kuyambira pa 40. Timizere tosaoneka bwino timatayika pang'ono, koma bulaketi si chidole.

Kumanga nozo kuli ndi lamulo limodzi losaphwanyika: imamangidwa ili yotentha. Tenthetsani, tulutsani filamenti, gwirani kabuloko ndi sipanala ina kuti kasapotoke n'kudula mawaya, masulani yakaleyo. Lowetsani yatsopano, dikirani kuti itenthe mofanana ndi kabulokoko, kenako mangani komaliza. Chifukwa chake n'chakuti kabuloko ka aluminiyamu kamafutukuka kwambiri kuposa chitsulo kakatentha. Nozo yomangidwa pozizira imakhwepa ikatentha, ndipo pulasitiki imatulukira m'mazinga n'kukuta kabuloko konse. Osamanga ngati bawuti ya tayala la galimoto, chifukwa mazinga a aluminiyamu sachedwa kutha. Mukamaliza, yezaninso `Z offset` kuyambira pamwamba. Munthu wathu uja anali ataitsitsa kangapo potsata nozo yofupika. Akaiwala, nozo yatsopano yaitali ndi yolimba ilima bedi lake pa mzere woyamba.

Nozo si yokhayo imene ulusi umadya. Magiya okankha filamenti a bulasi amasalala mano, kapaipi ka PTFE kamakula m'kati n'kubooka pokhota, ndipo pa Ender 3 zakale, kachigwiriro ka pulasitiki kolowera filamenti kamachekeka mpaka kukhala ndi ngalande. Zimenezi zimachedwerapo, koma wosindikiza ulusi tsiku lililonse azikumana nazo. Chitsulo cholimbitsidwa nachonso chimachita dzimbiri, ndiye nozo yosungidwa isamakhale poyera m'nyengo ya mvula. Nyengo yomweyo imasokonezanso chiweruzo pa tizingwe tija, chifukwa nayiloni ndi PETG zimayamwa chinyezi, ndipo filamenti yonyowa imadontha ngati nozo yotha. Kusiyana kwake kumamveka ndi khutu: yonyowa imathetheka potuluka.

Kaboni ndi galasi si zokha zoopsa kwa bulasi. Filamenti yowala mumdima ili ndi ufa wolimba kwambiri wotchedwa sitirontiyamu aluminete, ndipo imeneyi nayonso imatha kudya nozo ya bulasi, ngakhale anthu amaigulira zidole za ana osaiganizira choipa chilichonse. Mafilamenti osakaniza ndi ufa wa chitsulo kapena wa miyala nawonso amafuna nozo yolimba.

Pali manozo ena amene amayesa kupereka zonse ziwiri, kulimba ndi kutentha. Anders Olsson wa pa yunivesite ya Uppsala ku Sweden ankafuna kusindikiza pulasitiki yosakaniza ndi boroni kabayidi, chinthu cholimba kwambiri, ndipo anapanga nozo ya bulasi yokhala ndi kamwala ka rube kunsonga, imene imagulitsidwa ndi dzina la Olsson Ruby. Ena amapanga thupi la kopa n'kuika chitsulo cholimba kunsonga kokha, ena amapanga nozo yonse ndi tangisiteni kabayidi, imene ndi yolimba kuposa chitsulo ndipo imadutsitsa kutentha moyandikira bulasi. Onsewa ndi odula kwambiri, ndipo rube imatha kusweka nozo ikagunda bedi mwamphamvu. Amapindulitsa munthu amene pulinta yake imasindikiza ulusi usana ndi usiku pa liwiro lalikulu. Kwa mabulaketi 20, chitsulo cholimbitsidwa n'chokwanira.

Nanga ya bulasi itayidwe? Ayi. Posindikiza PLA wamba, makamaka zinthu za timizere tating'ono kapena pa liwiro, bulasi ikadali patsogolo, ndipo imatsika mtengo. Ena amasunga ziwiri n'kumasintha malinga ndi ntchito. Ena amatopa ndi kumasula, amangosiya ya chitsulo n'kukweza kutentha pa mafilamenti onse, ndipo zimawayendera. Wosintha akumbukire kuti tiulusi timatsalira m'khosi la pulinta, choncho asanabwezeretse ya bulasi adutsitse kaye filamenti wamba pa nozo ya chitsuloyo mpaka itamatuluka yoyera.